Uthenga wa malume mayeso a MSCE atayandikira

Kuzizira kwa mwezi wa Juni kukayamba, mafoni a ana a Folomu 4 amadzaza ndi mauthenga a abale. Ambiri amangoti, “Utibweretsere mapointi 6.” Ine uthenga wotere ndimadana nawo, chifukwa umasenzetsa mwana mtolo popanda kumupatsa nkhata.

Mapointi 6 amatanthauza kupeza 1 m'maphunziro onse asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa. Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pamene 9 ndi kulephera. Malume amene sadziwa izi amalimbikitsa mumdima.

Mwana wa mlongo wanga anandionetsa zotsatira za mayeso ake oyeserera. Chichewa anapeza 2, Masamu 3, Zaulimi 3, Bayoloje 4, Jogalafe 5, koma Chingerezi 7. Zonse pamodzi ndi mapointi 24, ndipo amayi ake anali atayamba kale kululutira. Ine maso anga anaima pa 7 uja. Ndi giredi imeneyi satifiketi atenga ndithu, koma mayunivesite aboma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, ndipo Chingerezi chiyenera kukhala pomwepo. Akanatsikira pa 9, ngakhale satifiketi yeniyeniyo sakanaiona. Choncho nkhondo yake inali yochoka pa 7 kufika pa 6, basi.

Ndinamulembera chonchi:

“Mphwanga, zotsatira zako ndaziona, ndipo Masamu ako andinyaditsa. Pamene patsala ndi pa Chingerezi, sitepe imodzi yokha. Masiku atsalawa uzilemba chimangirizo chimodzi tsiku lililonse, wotchi ili pambali, aphunzitsi akuchongere. M'chipinda cha mayeso uwerenge malangizo kawiri, ndipo funso likakukanika ulidumphe, ulibwerere pomaliza. Wina akabwera ndi za likasa umukane. Chiphaso chako cha MANEB chizigona pamodzi ndi zolembera. Tsiku lomaliza ndidzabwera kudzakutenga.”

Za fizi imene ndakhala ndikulipira sindinatchulemo, ngakhale chala chinkayabwa. Mwanayo akudziwa kale kuti mbuzi zinagulitsidwa chifukwa cha iye, ndipo kumukumbutsa pa nthawi ngati imeneyi n'kumusowetsa tulo. Sindinamuyerekezenso ndi msuweni wake amene ali ku yunivesite ku Zomba.

Nthawi yotumizira nayonso ndi nkhani. Ndinatumiza kutatsala milungu itatu, kuti malangizo a chimangirizo apeze mpata wogwira ntchito. Usiku woti mawa lake alowa m'mayeso, uphungu watsopano umangosokoneza mutu. Komanso foni siloledwa m'chipinda cha mayeso, ndipo ana ambiri ogonera pasukulu sakhala nayo n'komwe. Wanga ndinautumiza pa foni ya amayi ake, iwo nakamuwerengera tsiku lokamuona, atanyamula mtedza wokazinga ndi juzi.