Nambala imodzi yosawerengeka pakhadi la achimwene

Lachiwiri lina m'mwezi wa Julayi, nditangoweruka, foni inalira. Anali mwana wa achimwene anga wa ku Maramba. Ananditumizira chithunzi cha khadi lakuchipatala la atate ake, ndi mawu awa pansi pake: "Azakhali, tawonani. Ndawerengera ndapeza 31. Akuti ndi kunenepa koopsa. Koma inu mukuwadziwa adadi mmene alili."

Ndikuwadziwadi. Achimwene amapalasa njinga yodzaza katundu kuwoloka mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya kupita tsidya la Zimbabwe ndi kubwerera, ndipo chibadwire sanakhalepo ndi mimba yoti n'kumangira lamba pansi pake. Ine ndine namwino, ndakhala zaka zambiri ndikuyeza anthu pasikelo muno mu Livingstone, choncho zithunzi zotere sizisowa pafoni yanga. Ndinawapempha achimwene kuti ndifotokoze nkhani ya khadi lawo pano, ndipo analola, bola ndisatchule dzina.

Nambala imene mwanayo ankafuna imatchedwa BMI. Imayerekeza kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, chifukwa makilogalamu paokha sanena kanthu: makilogalamu 70 ndi ambiri kwa munthu wamfupi, koma kwa wamtali ndi apakati. Anayamba kuwerengera motere ndi katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, m'zaka za m'ma 1830, ndipo dzina loti BMI linafala kuchokera mu 1972, Ancel Keys wa ku America ndi anzake atalemba za njirayi. Masamu ake ndi awa:

```
BMI = kg ÷ (m × m)
```

Ndiye kuti mutenge kulemera m'makilogalamu, mugawe ndi msinkhu m'mamita, kenako zomwe mwapezazo mugawenso ndi msinkhu womwewo. Kugawa kawiri.

Pakhadipo, pansi pa `Wt`, panali 52. Pansi pa `Ht` mwanayo anawerenga 168, kutanthauza masentimita, omwe ndi mamita 1.68. Iye anagawa kamodzi kokha, 52 ndi 1.68, n'kupeza pafupifupi 31. Mpamene panachokera "kunenepa koopsa" kuja. Akanagawanso kachiwiri akanapeza 18.4. Ena amalakwitsa mwanjira ina: amachulukitsa msinkhu ndi 2 m'malo mouchulukitsa ndi iwo womwe, ndipo kwa achimwene zikanatuluka 15.5, munthu n'kuyamba kulira maliro asanachitike. Mukaiwala kusintha masentimita kukhala mamita, foni imakupatsani kanambala koyamba ndi maziro, ndipo cholakwa chimenecho n'chabwinoko chifukwa chimadziulula chokha.

Koma ine sindinafulumire kuvomereza 168 uja. Chithunzicho chinajambulidwa usiku, khadi lili pamphasa, foni itapendekeka, ndipo kuwala kunagwera pamzere womwewo wa msinkhu. Nambala yapakati inali pamene khadi limapindidwa kuti lilowe m'thumba la malaya. Ukakulitsa chithunzi, inkaoneka ngati 6, komanso ngati 5 yolembedwa mothamanga. Anzanga ena amalemba 7 yopindika moti nayo inkatheka.

Taonani zimene nambala imodziyo ingachite. Ngati msinkhu ndi 158, BMI ikhala 20.8. Ngati ndi 168, ikhala 18.4. Ngati ndi 178, ikhala 16.4. Munthu yemweyo, makilogalamu omwewo 52, koma mayankho atatu.

Kuti muone kusiyana kwake, nayi milingo imene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limagwiritsa ntchito kwa akuluakulu, yomwenso timatsata m'zipatala zathu. Pansi pa 18.5 munthu ndi wowonda kuposa muyezo. Kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ali pabwino. Kuyambira 25 mpaka 29.9 thupi lapitirira, ndipo 30 kupita m'mwamba ndiko kunenepa kumene timakuwerengera ngati vuto la umoyo. Kuwondako nakonso kuli ndi masitepe: pansi pa 17 kwafika podetsa nkhawa, pansi pa 16 n'koopsa. Choncho 158 akanati achimwene ali bwinobwino, 168 akanati angotsika pang'ono, 178 akanati tisagone.

Msinkhu umavuta chonchi chifukwa umalowa kawiri m'masamu. Mukaphonya kilogalamu imodzi pa munthu wa msinkhu ngati wa achimwene, BMI imasuntha ndi 0.35 basi. Mukaphonya masentimita 10, imasuntha ndi 2 kapena kuposa. Tsoka lake, msinkhu ndi umene timauyeza mosasamala. Ndinene zoona za ntchito yathu: tsiku lodzaza, mzere utafika panja, sikelo aliyense amakwera, koma msinkhu nthawi zina timangofunsa, "Ndinu atali bwanji, bambo?" Kapena timakopera nambala imene wina analemba zaka zisanu zapitazo. Amuna ambiri akafunsidwa amadziwonjezera. Agogo nawo amafupika msana ukamapindika, pamene khadi likusungabe msinkhu wa paunyamata wawo.

Ndinamuuza mwanayo kuti asiye kulimbana ndi chithunzi. "Mawa m'mawa uwaimike atate ako kukhoma opanda nsapato, zidendene ndi msana zigunde khoma, maso ayang'ane kutsogolo. Uike buku lachikuto cholimba pamutu pawo mosapendekeka, ulembe kachizindikiro kukhoma, ndiye uyeze ndi tepi ya atelala kuchokera pansi. Uyeze kawiri. Ukatero ujambulenso khadi panja, pamthunzi, foni ili pamwamba penipeni, tsamba lonse lioneke pamodzi ndi madeti." Ndinamuuzanso kuti aphimbe dzina ndi nambala ya khadi ndi kapepala. Khadi lakuchipatala limanena zambiri za munthu, ndipo chithunzi chikalowa m'gulu la banja pa WhatsApp sichibwerera.

Tepi inati 168. Ndiye BMI ndi 18.4.

Apa m'pamene anthu amafuna ndiwauze kuti "wadwala" kapena "ali bwino", ndipo ine ndimakana. Pakati pa 18.4 ndi 18.5 palibe mpanda. Kwa munthu wa mamita 1.68, malire a 18.5 ali pa makilogalamu 52.2, ndipo a 24.9 ali pa 70.3. Achimwene anaperewera ndi magalamu 200, kulemera kwa kapu ya tiyi. Akanamwa madzi asanakwere sikelo akanalowa m'gulu la anthu abwinobwino. Komanso mu Julayi kuno kumazizira m'mawa, ndipo ndikuwadziwa: anakwera sikelo ndi jekete ndi nsapato zawo zantchito. Kulemera kwawo kwenikweni kunali pansi pa 52. Milingo imeneyi inapangidwa poyang'ana anthu ochuluka, kuona pamene matenda amayamba kuchuluka. Imatithandiza kusankha amene tiyenera kumuyang'anitsitsa. Siuza munthu mmodzi chimene chikumudya.

Chimene chinandiimitsa mutu chinali pachithunzi chachiwiri, pamene tsamba lonse linaoneka. Achimwene amapita kukatenga mankhwala a BP miyezi iwiri iliyonse, ndipo ulendo uliwonse amayezedwa. Mu Malichi anali 59. Mu Meyi 56. Mu Julayi 52. Makilogalamu 7 m'miyezi inayi. Mukagawa 7 ndi 59 mupeza kuti ataya pafupifupi magawo 12 pa 100 a thupi lawo, osafuna, osasintha kadyedwe. Kwa ife, munthu akataya magawo 5 pa 100 m'miyezi isanu ndi umodzi popanda chifukwa chodziwika timayamba kufufuza, ndipo akapitirira magawo 10 sitidikira ulendo wotsatira. Mu Malichi BMI yawo inali 20.9. Akanakhala kuti anayambira pa makilogalamu 70 n'kutsika mofananamo, BMI ikanakhalabe m'gulu labwino, koma vuto likanakhala lomwelo. Munthu amene wakhala pa 18.4 kuyambira ali mnyamata, akudya bwino ndi kugwira ntchito, sandidetsa nkhawa. Amene wafika pa 18.4 akutsetsereka ndi nkhani ina.

Manambala atatu a kulemera aja analembedwa ndi manja atatu osiyana. Aliyense analemba zoona, koma palibe anakweza maso kuona mzere wapamwamba. Sindikuloza chala, poti inenso ndinachitapo zomwezo.

Mwanayo, atamva kuti masamu ndi osavuta, anafuna kuwerengera nyumba yonse. Ndinamuletsa pa anthu awiri. Mng'ono wake wa zaka 9 sayezedwa ndi milingo ya akuluakulu: BMI ya 15 kwa mwana wa zaka zimenezo ndi yabwinobwino, ndipo kwa ana a zaka 5 mpaka 19 timayerekeza nambalayo ndi tchati cha WHO cha 2007 chotsata zaka komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Ana akusikelo, osakwana zaka zisanu, ali ndi mizere yawoyawo pakhadi, ndiponso kalamba koyezera mkono. Winayo ndi mlamu wake woyembekezera, amene kulemera kwake ndi kwa anthu awiri. Palinso anthu amene sikelo imawanamizira. Wotupa miyendo chifukwa cha mtima kapena impso amalemera ndi madzi, BMI n'kuoneka yokongola thupi likutha. Anyamata opalasa mabwato a alendo m'zigwa za Zambezi kumunsi kwa mathithi amatha kufika pa 26 ndi minofu yokhayokha. Kwa amene nambala yakwera, ine ndimatenga tepi n'kuzunguliza pamimba, cha pamchombo: ikapitirira theka la msinkhu wa munthuyo, mafuta ali pamalo oipa.

Achimwene ndinawaimbira ndekha. Ndinawafunsa za zinthu zimene zimawondetsa munthu kwathu kuno: ludzu ndi kukodza pafupipafupi kwa matenda a shuga, kutsekula m'mimba, kusowa chilakolako cha chakudya, tsiku limene anayezetsa magazi komaliza. Onsewo anayankha mwachidule, ngati ndikuwachedwetsa. Nditafunsa za chifuwa anati, "Aa, mlongo wanga, ndi fumbi la pamsewu ndi mphepo ya pamlatho basi." Chinali chitatha mwezi. Alamu anga, amene ankamvetsera chapafupi, anawonjeza kuti usiku amadzuka malaya atanyowa ndi thukuta, kuzizira konseku.

M'mawa mwake ndinawaperekeza kukapereka makhololo ndi kuyezetsa magazi. Chinapezeka chifuwa chachikulu, TB. Mapiritsi a TB amawerengedwa potsata kulemera kwa munthu, choncho asanawalembere anawakwezanso pasikelo, ine nditanyamula jekete ndi nsapato. Inati 51. Mankhwalawo ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo tsopano ali m'mwezi wachitatu. Sabata yatha mwana uja anatumiza chithunzi china, chojambulidwa masana, dzina litaphimbidwa. Pamzere watsopano panali 54, ndipo pansi pake iye analemba yekha: 19.1.