Zoonjezera pogula zomangira: simenti, zitsulo, matailosi ndi mchenga sizitayika mofanana

Powerengera zipangizo zomangira nyumba, mmisiri amayamba wapeza zimene zidzalowedi mu chimangocho, kenako n'kuonjezerapo pang'ono poganizira zimene zidzatayike. Ambiri amangoika 10 peresenti pa chilichonse, koma chizolowezichi chimasocheretsa, chifukwa chipangizo chilichonse chili ndi njira yakeyake yotayikira. Simenti ndi mchenga zimamwazika kapena kuonongeka, pamene zitsulo ndi matailosi zimatayika podula.

Simenti imabwera m'matumba a makilogalamu 50, ndipo pamalo osamalidwa bwino 3 mpaka 5 peresenti imakwana. Yotayikayo ndi yotsalira m'matumba, yogwa pansi popaka pulasitala, ndi yosakanizidwa mochuluka n'kuuma isanagwiritsidwe ntchito. Mdani wake wamkulu ndi chinyontho. Thumba loikidwa pansi kapena lotsamira khoma lonyowa limagwira mibulu, ndipo mibulu yosaphwanyika ndi zala imasonyeza kuti simentiyo yatha mphamvu. Choncho kugula yochuluka mopitirira kumangoonjezera kutayika. Ndi bwino kugula pang'onopang'ono n'kumasanja pa matabwa.

Mchenga umafuna zoonjezera zambiri, kawirikawiri 10 mpaka 15 peresenti. Wapansi pa mulu umasakanikirana ndi dothi, wina umakokoloka ndi mvula, wina umatsalira pa sefa pamodzi ndi timiyala ndi zinyalala. Palinso china chimene ambiri sachizindikira: mchenga wachinyezi umafufuma, mwina ndi 20 peresenti kapena kuposerapo, moti lole yooneka yodzaza imakhala itanyamula wochepa kuposa mmene maso akuonera. Popeza mchenga ngwotsika mtengo ndipo suwola, kuonjezera mowolowa manja kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kulipira ulendo wina wa lole.

Pa zitsulo nkhani imasintha. Chitsulo sichimwazika, chimatayika chifukwa chimagulitsidwa mu utali woikika, kawirikawiri mamita 12, pamene ntchito imafuna zidutswa za utali wina. Mwachitsanzo, ntchito ikufuna zidutswa 20 za mamita 5 chilichonse, zomwe pamodzi ndi mamita 100. Woonjezera 5 peresenti amapeza mamita 105 n'kugula zitsulo 9. Koma chitsulo chimodzi chimangotulutsa zidutswa ziwiri n'kutsala mamita awiri, moti zitsulo 9 zimapereka zidutswa 18 basi. Zofunika ndi 10, ndipo mamita 20 mwa 120 amatsala, pafupifupi 17 peresenti. Zidutswazo zikadakhala za mamita 4, chitsulo chilichonse chikadatulutsa zitatu popanda chotsala. Ndiye chifukwa chake 3 mpaka 5 peresenti yomwe imatchulidwa pa zitsulo imagwira ntchito pokhapokha mndandanda wa kadulidwe utalembedwa kale, zotsala zazitali zitapezeredwa malo ena monga pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Utali wa pamene zitsulo ziwiri zimapitanirana polumikiza, komanso wa mopinda, si zotayika ayi. Umawerengedwa pawokha zoonjezera zisanaikidwe, ndipo kuuiwala ndiko kumachititsa kuti zitsulo zithe ntchito ili pakati.

Matailosi nawo amatayika podula m'mphepete mwa khoma, kuonjezera pa kusweka. Chipinda cha mamita 4 m'litali ndi 3.5 m'lifupi chili ndi masikweya mita 14. Ndi matailosi a masentimita 40 mbali zonse, kuwerengera malo kumapereka 87 ndi theka, koma powayala pamafunika mizere 9 ya matailosi 10, omwe ndi 90. Kusiyana kwake ndi 3 peresenti chabe. Chipinda chomwecho ndi matailosi a masentimita 60 chimaoneka ngati chikufuna 39, koma poyala pamalowa mizere 6 ya matailosi 7, omwe ndi 42. Mbali ziwiri zimadulidwa, ndipo zotsalazo, za masentimita 20 ndi 10, sizikwanira pena paliponse. Apa 8 peresenti yapita kale tailosi ngakhale imodzi isanasweke. Tailosi ikakula chipinda n'kuchepa, kutayika kumakwera. Pa kayalidwe kowongoka 10 peresenti imakwana m'zipinda zambiri, koma koyala mopingasa kapena m'bafa momwe muli mapaipi ndi ngodya zambiri, 15 peresenti ndiyo yoyenera.

Mosiyana ndi simenti, matailosi amagulidwa onse nthawi imodzi. Opangidwa ulendo wina kufakitale amatha kusiyana pang'ono mtundu ndi kukula, ngakhale dzina lili lomwelo, choncho nambala ya gulu yolembedwa pa katoni iyenera kufanana pa makatoni onse. Chiwerengero chomaliza chimakwezedwa kufika pa katoni yathunthu, ndipo ochepa amasungidwa okonzera pamene padzasweke m'tsogolo.