Kulemba mtengo poyera kapena kuitanira wogula kumbali: chimapindulitsa n'chiti?

Zokolola zikalowa m'nyumba m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, masamba a Facebook ndi magulu a WhatsApp amadzaza ndi zithunzi za matumba a soya, mtedza ndi chimanga ochokera m'madera ngati Lisasadzi m'boma la Kasungu. Pansi pa zithunzi zambiri pamakhala mawu akuti "Mtengo ku inbox", kutanthauza kuti wofuna kudziwa mtengo alembere wogulitsayo uthenga wapadera. Ena amalemberatu mtengo poyera. Ogula a m'tauni amanyansidwa ndi njira yoyambayo, koma oitsata ali ndi zifukwa zawo, ndipo zina n'zomveka.

Chifukwa chachikulu ndi kusakhazikika kwa mitengo. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Wamalonda amene anaona feteleza ndi mafuta a galimoto zikukwera pa masiku owerengeka amaopa kudzimanga ndi mtengo umene mawa udzakhale wotsika. Pa Facebook uthenga sufafanizika wokha. Wogula atha kubwera patatha milungu itatu atasunga chithunzi cha mtengo wakale, n'kuyamba mkangano. Chifukwa china ndi chizolowezi cha kunenerera. Pamsika, mtengo umene wogulitsa watchula poyamba ndiwo umakhala denga, ndipo zokambirana zonse zimangoutsitsa. Wobisa mtengo amayembekezera kuti mwina wogula ndiye atchule ndalama zoposa zimene iye akanapempha.

Kuti zioneke bwino, tenga chitsanzo cha mlimi wa ku Lisasadzi amene ali ndi matumba 40 a soya a makilogalamu 50 lililonse, onse pamodzi makilogalamu 2,000. Mitengo ili pano ndi yongoyerekeza. Iye akufuna K1,200 pa kilogalamu, kutanthauza K60,000 pa thumba, kapena K2,400,000 katundu yense. Akaika chithunzi chopanda mtengo, tinene kuti anthu 30 amulembera, aliyense ndi funso limodzimodzi lakuti akugulitsa bwanji. Mlimiyo masana amakhala kumunda kapena m'chigafa, ndipo amayankha madzulo. Pofika nthawiyo, wogula weniweni wa ku Lilongwe, amene galimoto yake ikutsika pamsewu wa M1 tsiku lomwelo, wagwirizana kale ndi wina amene analemba mtengo. Otsalawo ambiri amati akamva K60,000 amangoti zii. Ena mwa iwo ndi mavenda amene amangofufuza mmene msika ulili, kotero chinsinsi chimene mlimiyo amasunga chaululika ndithu, ndipo wawonongerapo bandulo.

Mlimi yemweyo akalemba mtengo, omulembera amachepa, mwina asanu okha, koma asanuwo avomereza kale ndalamayo kapena ali pafupi nayo. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amayesa kuchuluka kwa mauthenga ndiko kuyenda kwa malonda. Choyenera kuwerenga ndi chakuti pa anthu onse olemba, ndi angati amene anafika pofunsa za sikelo, malo ndi tsiku lodzatenga katundu. Ngati ambiri akusowa atangomva mtengo, kubisako kunangochedwetsa kukana kwawo.

Komabe nambala yokha siyikwanira. Mawu akuti "soya K60,000" amasiya mafunso amene pambuyo pake amabala mkangano. Thumbalo ndi loyezedwa pa sikelo kapena ndi longodzazidwa ndi ndowa? Mtengowo ndi wa pa Lisasadzi pomwepo kapena wofikitsa m'tauni? Ngati kunyamula thumba limodzi mpaka ku Lilongwe kukudya K3,000, thumba lofikitsidwa ndi K63,000, kapena K1,260 pa kilogalamu, ndipo pa matumba 40 kusiyanako ndi K120,000. Uthenga wabwino umatchula muyezo, malo amene mtengowo ukugwira ntchito, chiwerengero chochepetsetsa chimene munthu angagule, ndi tsiku limene mtengowo utha. Tsikulo ndilo mankhwala a mantha a mtengo wakale aja. Wolemba kuti mtengo ukugwira ntchito mpaka Lachisanu sangakakamizidwe nawo Lolemba lotsatira. Pa WhatsApp, zoikidwa pa Status zimachoka zokha pakatha maola 24, motero ndi malo abwino a mitengo yosinthasintha.

Nanga za kunenerera? Katundu ngati soya kapena chimanga alibe mtengo wachinsinsi. Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka chilichonse mitengo yotsikitsitsa yogulira mbewu kwa alimi, ndipo mavenda okhala ndi masikelo m'mbali mwa M1 amauza aliyense mtengo wa tsikulo. Wogula wodziwa ntchito yake sangatchule ndalama zoposa za pamsika chifukwa chakuti wogulitsa wakhala chete. Chimene mlimi angachite ndi kusiya kampata kakang'ono: ngati sangatsike kuposa K1,200, alembe K1,250, ndipo anene kuti wotenga matumba onse akambirana naye.

Pali malonda ena amene mtengo umodzi sungawakwanire. Wonyamula katundu pa lole sangatchule ndalama asanadziwe mtunda ndi kulemera kwake. Ng'ombe ziwiri za msinkhu wofanana sizigulidwa mofanana, ndipo njinga yamoto yogwiritsidwapo kale ntchito imafuna kuiona ndi maso. Apa kukambirana kumbali n'koyenera, ngakhale kuti wogulitsa angathebe kulemba poyambira mitengo kapena mmene amawerengera, monga ndalama za pa thumba kapena pa kilomita. Nkhani ya chitetezo nayo si yopepuka. Kulengeza poyera mtengo, kuchuluka kwa matumba ndi mudzi weniweni kumene katundu ali ndi kuuza akuba kuti m'nyumba yakuti mulowa ndalama zoposa K2 miliyoni. Choyenera kusungira uthenga wapadera ndi malo enieni a nkhokwe ndi tsiku lolandira ndalama, osati mtengo wa kilogalamu.

Anthu a ku Lisasadzi amaidziwanso nkhaniyi ngati ogula. Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, alimi amakhala ndi ndalama, ndipo ogulitsa malata, masola, matilesi ndi mafoni a m'tauni amawasaka pa masamba omwewa. Mlimi akauzidwa kuti abwere kumbali, amakayikira kuti mtengo uyamba wayang'ana nkhope yake ndi nyengo ya fodya. Kukayikako sikulakwa kwenikweni, pakuti mtengo wonenedwa kwa munthu mmodzi palibe wina angautsutse. Kumbali komweko ndi kumenenso anthu achinyengo amapemphera kuti ndalama ziyambe zatumizidwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba katundu asanaoneke. Wamalonda wachilungamo akabisa mtengo amavala malaya ofanana ndi a anthu oterewa.

Malamulo nawo apendekera ku mbali ya kulemba poyera. Lamulo latsopano la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 2024 limaika kusaonetsa mitengo m'gulu la machitidwe osayenera pa malonda, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lili ndi mphamvu zolipiritsa chindapusa ophwanya lamuloli. Mwini sitolo ya zipangizo zaulimi amene amaika mitengo pa mashelufu koma n'kuibisa pa tsamba lake la Facebook akubisira ogula akutali chinthu chimene aliyense wolowa pakhomo pake akuchiwerenga.