Imelo imatuluka ndi khomo lina, n'kulowera khomo lina

Mukamaika imelo ya kuntchito pa foni yatsopano, pulogalamu imakufunsani zinthu ziwiri: `Incoming server` ndi `Outgoing server`. Ambiri amadabwa. Adiresi ndi imodzi, pasiwedi ndi imodzi, nanga maseva awiri ndi a chiyani?

Nkhani yagona pa foni yanuyo. Nthawi zina imakhala yozima, nthawi zina bando yatha, pena netiweki kulibe. Kalata ikanati izibwera molunjika m'foni, ikanasowa pofikira nthawi zonse zimenezi. N'chifukwa chake imakafikira pa seva, kompyuta yosazima usana ndi usiku, n'kumakudikirani kumeneko. Zili ngati ku positi ofesi: poponya kalata ndi pena, ndipo bokosi lanu lokhala ndi kiyi, lomwe mumakatsegula mukapeza mpata, lili pena.

Ntchito yotumiza ndi ya SMTP, ndondomeko yomwe Jon Postel anailemba mu 1982. SMTP imangodziwa kupereka kalata patsogolo, basi. Mukadina batani lotumizira, foni imalumikizana ndi seva yotumizira, mwachitsanzo `smtp.gmail.com`, n'kudzidziwitsa ndi dzina ndi pasiwedi. Kenaka imanena mawu atatu:

```
MAIL FROM:<a@example.com>
RCPT TO:<b@example.org>
DATA
```

Mzere woyamba ukunena komwe kalata yachokera, wachiwiri komwe ikupita, ndipo wachitatu ukuti uthenga weniweni uli m'njira. Seva ija imayang'ana mbali ya adiresi yomwe ili kumanja kwa chizindikiro cha @, n'kufunsa ku DNS, kaundula wa maina a pa intaneti, kuti makalata a `example.org` amalandiridwa ndi seva iti. Ikapeza, imapereka kalatayo, kudzeranso pa SMTP yomweyo. Seva ya mnzanuyo ikakhala kuti sikuyankha, yanu imasunga kalata n'kumayesanso, kawirikawiri kwa masiku 4 kapena 5, isanakubwezereni uthenga woti yalephera.

Kalata ikalowa m'bokosi, SMTP yamaliza zake. Ilibe lamulo lililonse lofunsira kuti mwabwera chiyani m'bokosi.

Apa ndi pomwe imayambira IMAP, yomwe Mark Crispin anaikonza mu 1986 ali ku yunivesite ya Stanford. Foni imafunsa seva yolandirira, monga `imap.gmail.com`, kuti ione zomwe zafika. Makalatawo sachoka pa seva. Foni imangokuonetsani zomwe zili kumeneko, n'kumauzanso seva zomwe inu mwachita. Mukawerenga kalata pa foni, pa kompyuta ya ku ofesi ionekanso kuti yawerengedwa. Mukaifufuta, yafufutika konsekonse, ndiye samalani ndi chala. Njira yakale ya POP3 simatero: nthawi zambiri imakokera makalata m'chipangizo chimodzi n'kuwachotsa pa seva, moti kompyutayo ikabedwa, makalata apita nayo. Kwa munthu wa foni ndi kompyuta, IMAP ndiyo yanzeru.

Kusiyana kumeneku kumathandiza zinthu zikavuta. Tiyerekeze kuti mlembi wa pa ofesi akulandira makalata bwinobwino, koma omwe iye walemba angoti mbwee mu `Outbox`, osachoka. Asataye nthawi ndi `Incoming server`, chifukwa kulandirako ndi umboni woti IMAP, netiweki ndi pasiwedi zili bwino. Vuto lili kotumizira.

Ayambe wayang'ana nambala yomwe ili pa `Port`. IMAP yotetezedwa imagwiritsa ntchito 993. Potumiza, nambala yoyenera ndi 587 pamodzi ndi `STARTTLS`, kapena 465 pamodzi ndi `SSL/TLS`. Mukasemphanitsa, foni imangozungulira mpaka kutopa. Akapeza 25, achotse. Khomo limenelo ndi lolankhulirana maseva okhaokha, ndipo makampani ambiri a intaneti amalitseka kwa makasitomala awo pofuna kuthana ndi otumiza makalata achinyengo.

Nambala ikakhala yolondola, aone ngati anaika dzina ndi pasiwedi mbali yotumizirayo. Mapulogalamu ena amalemba kuti mbali imeneyi ndi `Optional`, anthu n'kuidumpha, chonsecho seva silola munthu wosadziwika kutumiza kanthu. Uthenga wokana umaulula zambiri. `535` ikutanthauza kuti seva yakana dzina kapena pasiwedi, pomwe `550` kawirikawiri imanena kuti adiresi ya wolandirayo kulibe kapena yakanidwa. Nambala yoyamba ndi 4 ndi vuto la kanthawi; yoyamba ndi 5, ngakhale mudikire, siisintha pokhapokha mutakonza china chake.

Zikakhala kuti makalata akutuluka koma osalowa, siyani SMTP, yang'anani dzina la seva ya IMAP ndi 993, komanso funsani ngati bokosi lanu silinadzaze.