Njinga ya okalamba pa ndege amapempheratu

Mwana amene mayi ake okalamba akukwera ndege koyamba, kuchokera pabwalo la Kamuzu kupita ku Johannesburg, ayenera kuwapemphera njinga ya olumala pogula tikiti, kapena kukadali maola osachepera 48 ndege isananyamuke.

Kampani ya ndege imalemba pempholi ndi chizindikiro. WCHR ndi cha munthu wotha kukwera masitepe koma wolephera kuyenda mtunda wautali, WCHS ndi cha wolephera masitepe, pomwe WCHC ndi cha wosayenda konse.

Kulakwitsa chizindikiro kumavutitsa kholo. Mayi odwala maondo akalembedwa WCHR, njinga imangowafikitsa pansi pa masitepe a ndege, popanda wokonzekera kuwakweza. Choncho mwanayo afunse kampaniyo chizindikiro chomwe yalemba, ndipo atsimikize kuti chilipo pa ulendo wopita ndi wobwerera womwe.