CONSORT: Polemba za Kafukufuku wa Mankhwala, Munthu Aliyense Awerengedwe

CONSORT ndi mndandanda wa mfundo zimene wolemba ayenera kufotokoza akamalemba lipoti la kafukufuku amene anthu ake anagawidwa m'magulu mwamaere, kaya lipotilo ndi la digiri kapena lopita ku magazini ya zachipatala. Mndandandawu unatuluka koyamba mu 1996, ndipo unakonzedwanso mu 2001, 2010 ndi 2025. Wa 2010 unali ndi mfundo 25, pomwe wa 2025 uli ndi mfundo 30. Pambali pa mfundo iliyonse, wolemba amasonyeza tsamba limene nkhaniyo ikupezeka, ndipo magazini ambiri amafuna pepalali limodzi ndi lipotilo.

Pamene ophunzira ambiri amapunthwa ndi pa maere. Kungolemba kuti "odwala anagawidwa mwamaere" sikukwanira. Wowerenga afuna kudziwa amene anakonza ndondomeko ya maereyo, njira imene anatsata, komanso mmene anaibisira kwa dokotala wolembetsa odwala, mwina m'maenvulopu omata, osaonekera mkati, okhala ndi manambala otsatizana. Dokotalanso ndi munthu: atadziwiratu kuti wodwala wotsatira alandira mankhwala atsopano, angadumphe munthu wodwalitsitsa, ndiye mankhwalawo n'kuoneka amphamvu kuposa mmene alili.

Koma mtima wa CONSORT ndi chithunzi cha mabokosi ndi mivi chosonyeza kumene munthu aliyense anathera. Tiyerekeze kuti wofufuza akufananiza mankhwala awiri a malungo. Wayeza anthu 260, ndipo 60 sanaloledwe kapena akana okha. Otsala 200 agawidwa pawiri, gulu lililonse anthu 100. M'gulu la mankhwala akale, anthu 6 asiyira panjira ndipo 80 achira. M'gulu la atsopano, 22 asiyira panjira ndipo 70 achira.

Wolemba akangowerengera amene anafika kumapeto, mankhwala atsopano apambana: 70 mwa 78 ndi pafupifupi 90 peresenti, pomwe 80 mwa 94 ndi 85 peresenti. Nanga anthu 22 aja anapita kuti? Ngati ambiri analeka chifukwa mankhwalawo ankawasanzitsa, nkhani yatembenuka, pakuti mwa anthu 100 amene anayamba, odziwika kuti anachira ndi 70 okha, pomwe gulu linalo ndi 80. N'chifukwa chake chithunzichi chimafuna chiwerengero cha osiyira panjira m'gulu lililonse pamodzi ndi zifukwa zawo. Woyesa lipoti amaphatikiza manambala a m'mabokosiwo, ndipo akapanda kukwana 260 amadziwa kuti pali anthu amene asowa.

CONSORT sikonza kafukufuku woyendetsedwa molakwika. Ngati maere sanabisidwe, wolemba anene choncho. Ndipo popeza zifukwa zimene anthu anasiyira n'zovuta kuzipeza kafukufuku atatha, wofufuza ayenera kuwerenga mndandandawu asanalembetse wodwala woyamba.