Kodi kompyuta yakale ya mu labu ingasewere gemu? Mphindi khumi ndi kalabu ya pasukulu

Makompyuta a m'malabu a sukulu zambiri adagwirapo kale ntchito kwina asanafike pano. Ana a kalabu ya makompyuta sachedwa kufunsa funso lomwe lili kumtima kwawo: "Aphunzitsi, kodi iyi ingasewere gemu?" Kuyankha kuti "ayi, ndi yakale" ndi ulesi, ndipo nthawi zambiri n'kunama. Funsoli ndi mutu wabwino wa nkhani ya mphindi khumi pa tsiku la kalabu, bola wokambayo akhale ndi kompyuta imodzi yoyaka patsogolo pake, ana aziona okha zomwe akunena.

Tiyeni titenge makina odziwika bwino pakati pa makompyuta a kaunjika, Dell OptiPlex 780, okhala ndi purosesa ya Core 2 Duo E8400 yomwe idatuluka m'chaka cha 2008, memori ya 2 GB ndi Windows 7. Simufunika kumasula bokosi kuti mudziwe za m'kati mwake. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, ndipo m'kabokosi komwe katulukeko lembani:

```
dxdiag
```

Tsamba loyamba, lolembedwa System, likuuzani mtundu wa Windows, dzina la purosesa ndi kukula kwa memori. Uzani mwana mmodzi alembe zitatuzi pa bolodi.

Ana ambiri maso awo amathamangira pa nambala ya 3.00GHz, poganiza kuti ikakula ndiye kuti makina ndi amphamvu. Nambalayi imangonena kuti purosesa ikugunda kangati pa sekondi, osati ntchito yomwe ikugwira pa kugunda kumodzi. Pentium 4 ya 3 GHz ndi Core 2 Duo ya 3 GHz zili ndi nambala yofanana, koma yachiwiriyi ili ndi mitima iwiri ndipo mtima uliwonse umamaliza ntchito yambiri pa kugunda kumodzi, moti imaisiya inzakeyo kutali. Pa magemu ang'onoang'ono, purosesa ngati E8400 si kawirikawiri kukhala vuto, choncho musatayepo nthawi.

Memori ndi nkhani yongochotsera. Pa 2 GB yomwe ilipo, Windows imatengapo gawo lake isanatsegulidwe pulogalamu iliyonse, ndipo chipangizo chojambula zithunzi chimabwerekanso pomwepo. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi, mutsegule Performance, muone yomwe yatsala. Yotsalayo ndiye ya gemu. Wina akati "tingowonjezera memori", muyang'ane kaye ngati Windows yalembedwa 32-bit, chifukwa yotereyi siitha kugwiritsa ntchito memori yopitirira 4 GB, ndipo kawirikawiri imaona itatu ndi kanthu basi. Komanso siitsegula gemu yopangidwira 64-bit ngakhale mutainyengerera bwanji.

Mlandu weniweni umagamulidwa pa tsamba lachiwiri, la Display, ndipo apa ndi pomwe wokamba ayenera kukhalitsa. Makompyuta a m'maofesi sankaikidwa khadi lapadera la zithunzi. OptiPlex 780 wamba imadalira kachipangizo ka Intel GMA 4500 komwe kali pa bolodi lalikulu la makinawo. Kachipangizoka kamamva malamulo ojambulira a OpenGL mpaka 2.1 basi. Minecraft ya Java idayamba kufuna OpenGL 3.2 pa 1.17 yomwe idatuluka mu 2021. Apa nkhani si ya kuchedwa ayi: gemuyo siyamba n'komwe. Zili ngati kupatsa munthu wodziwa Chichewa chokha kalata ya m'Chitchaina. Kaya mum'patse tsiku lonse, sawerenga. Kuwonjezera memori sikuthandiza, kusintha purosesa sikuthandizanso.

Pali msampha wina pa tsamba loyamba lija. Mzere wa DirectX Version ukhoza kulemba 11, ana n'kuwomba m'manja. Nambala imeneyo ndi ya pulogalamu yomwe idabwera ndi Windows, osati mphamvu za kachipangizo. Zoona zake zili pa mzere wa DDI Version ku Display, ndipo GMA 4500 imalekeza pa DirectX 10.

Musanaweruze makina, werengani bwinobwino dzina lomwe lili pamwamba pa tsamba la Display. Ngati palembedwa Standard VGA Graphics Adapter, kapena Microsoft Basic Display Adapter pa Windows 10, ndiye kuti amene adaika Windows sadaikemo dalaivala, kapulogalamu kothandiza Windows kulankhulana ndi chipangizo cha zithunzi. Zikatero purosesa imasenza yokha ntchito yojambula, ndipo ngakhale kagemu kopepuka kamayenda modukizadukiza kapena kukana kutseguka. Zizindikiro zake zimaoneka ndi maso: zilembo zikuluzikulu, zithunzi zotambasuka m'mbali, ndi zenera loyenda mokakamira mukalikoka ndi mausi. Ine ndimati makina otere asaweruzidwe mpaka dalaivala wa Intel ataikidwa, chifukwa makompyuta awiri ofanana ndendende akhoza kuoneka ngati obadwa zaka zosiyana pa chifukwa chokhachi.

Tsopano ikani zomwe zili pa bolodi pafupi ndi zomwe gemu ikufuna. Opanga magemu amalemba mizere iwiri, Minimum ndi Recommended. Woyambawo ukutanthauza kuti gemu itseguka, sukulonjeza kuti musangalala nayo. Yerekezani chimodzichimodzi: Windows, purosesa, memori, zithunzi. Chimodzi chikalephera, zitatu zinazo sizichiwombola. Pa makina athuwa, TuxMath ndi SuperTux, omwe zithunzi zake ndi zafulati ndipo ndi aulere, ndi oyenera kuwayesa. Minecraft yatsopano yagwa pa zithunzi. Magemu odzera pa Steam agwa pa Windows, popeza Steam idasiya kuthandiza Windows 7 pa 1 Januwale 2024. Nayo Microsoft idasiya kutumiza zotetezera Windows 7 mu Januwale 2020, choncho ndi bwino mphunzitsi atsitse gemuyo pa tsamba la eni ake n'kubwera nayo pa fulashi yopimidwa, kusiyana n'kuti mwana aliyense abwere ndi yake yochokera kokopera mafilimu.

Mphindi zomaliza ndi zoyesa, ndipo kuyesako kupitirire ngakhale nkhani itatha. Gemu imayenda posonyeza zithunzi zambiri motsatizana. Zikafika 30 pa sekondi maso amaona kuyenda kosalala, zikatsika pansi pa 15 aliyense aona kudumphadumpha. Mmene yavutira ndi momwe mudziwire chavuta. Ngati yachedwa kuyambira pachiyambi, chepetsani kukula kwa chithunzi mpaka 800x600. Ikachangamuka, ndiye kuti chipangizo cha zithunzi ndi chomwe chimalemedwa. Ngati ikuyenda bwino kenako n'kuima kwa kanthawi kagetsi ka diski kakuphethira osalekeza, memori yadzaza ndipo Windows ikusungira zina pa diski; tsekani mapulogalamu ena onse muyesenso. Ngati yayamba bwino koma patapita mphindi 15 yayamba kufooka fani ikulira kwambiri, kumeneko ndi kutentha. Purosesa ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi fumbi lomwe latseka mpweya. Kutsegula bokosi n'kupukuta ndi ntchito ya mphunzitsi kapena woyang'anira labu, makina atazimitsidwa ndi kuzulidwa kumagetsi.

Aphunzitsi a kalabu, gawani ana awiriawiri pa kompyuta iliyonse, alembe pa kapepala nambala ya makina, zinthu zinayi zija ndi zomwe aona gemu itasewera mphindi 20. Kapepalako kamatidwe pambali pa bokosi, kuti wobwera ndi gemu ina sabata yamawa ayambe wawerenga pamenepo asanapemphe kuti muyiike.